Mmene Mungapezere Ntchito m'Mabungwe a Chitukuko ndi Kutsimikizira Kuti Ndi Yodalirika

Munthu amene akufunafuna ntchito m'mabungwe omwe si a boma kapena m'mabungwe ena a chitukuko ayenera kuyankha mafunso awiri asanayambe kulemba kalata yofunsira ntchito. Funso loyamba ndi lakuti, kodi bungwe lomwe latchulidwa pa chilengezocho ndi lomwe lachitulutsadi? Lachiwiri ndi lakuti, ngati ntchitoyo ilipodi, ndalama zolipirira ntchitoyo zikuchokera kuti ndipo zidzatha liti? Anthu ambiri amaimira pa funso loyamba, chifukwa chimene amaopa kwambiri ndi kuberedwa ndi akathyali, koma funso lachiwiri ndi lomwe limasiyanitsa ntchito yomwe mungasiyire imene muli nayo pano ndi ina yomwe ingakusiyeni padzuwa patangotha miyezi yochepa.

Yambani ndi mndandanda wa mabungwe, osati wa zilengezo

Ntchito zambiri za m'mabungwewa zimabadwa ndi pulojekiti ndipo zimatha ndi pulojekiti yomweyo. Bungwe limalemba pempho kwa opereka thandizo, likapatsidwa ndalama limalemba anthu, ndipo ndalamazo zikatha maudindowo amathanso. Pa chifukwa chimenechi, njira yabwino yoyambira ndi kulemba mayina a mabungwe khumi kapena khumi ndi asanu omwe amagwira ntchito yogwirizana ndi luso lanu, kaya ndi zaumoyo, zaulimi, zamadzi, zamaphunziro kapena zowerengera ndalama. Pa bungwe lililonse lembani adiresi ya tsamba lake la pa intaneti monga momwe yalembedwera m'malipoti ake a pachaka, ndipo muzitsegula gawo la ntchito la tsambalo kamodzi pa sabata. Mndandanda umenewu udzakuthandizaninso pambuyo pake, pamene mudzafuna kufananiza adiresi yokayikitsa ndi adiresi yeniyeni.

Mukatero onjezani masamba omwe amasonkhanitsa zilengezo za mabungwe ambiri. Lodziwika kwambiri ndi ReliefWeb, lomwe limayendetsedwa ndi OCHA, ofesi ya bungwe la United Nations yogwirizanitsa thandizo pa nthawi ya mavuto, ndipo lakhala likugwira ntchito kuyambira mu 1996. Wofuna ntchito salipira kanthu pa tsambali, ndipo akhoza kusankha zilengezo potengera dziko, mtundu wa ntchito ndi zaka zomwe wagwirapo ntchito, zomwe zagawidwa m'magulu a zaka 0 mpaka 2, 3 mpaka 4, 5 mpaka 9, ndi 10 kupita m'tsogolo. Palinso Devex ndi Impactpool, omwe ndi a makampani, ndipo zina mwa zomwe amapereka ndi zolipira. Masamba oterewa ndi othandiza pokudziwitsani kuti mwayi watuluka, koma si iwo amene amalemba ntchito, choncho muziwatenga ngati malo oyambira basi.

Za United Nations zimasokoneza anthu ambiri chifukwa bungweli silili ndi khomo limodzi. Ntchito za ku likulu ndi maofesi ake zimalengezedwa pa careers.un.org ndipo munthu amafunsira kudzera pa tsamba lotumizirapo makalata ofunsira ntchito lotchedwa Inspira, pamene nthambi monga UNDP, UNICEF, WFP, FAO ndi WHO iliyonse ili ndi tsamba lakelake la ntchito. Dziwaninso kuti pali masamba ena omwe dzina lawo lili ndi zilembo za UN koma si a bungweli, ndipo amangokopera zilengezo kuchokera kwina. Ena mwa iwo sachita zachinyengo, koma kalata yanu isathere pamenepo.

Mabungwe ang'onoang'ono a m'dziko nthawi zambiri saika zilengezo zawo pa masamba akuluakuluwa. Iwo amagwiritsa ntchito nyuzipepala, masamba awo a mchezo, mgwirizano wa mabungwe a m'dzikomo kapena chikwangwani cha pa ofesi, ndipo zimenezi pazokha si chizindikiro cha chinyengo.

Bwererani kumene chilengezo chinachokera

Tiyerekeze kuti mnzanu wakutumizirani pa WhatsApp chithunzi cha chilengezo chokhala ndi chizindikiro cha bungwe lalikulu lothandiza ana. Chilengezocho chikuti pakufunika anthu 45 pa maudindo osiyanasiyana, kuyambira madalaivala mpaka oyang'anira mapulojekiti, tsiku lotseka ndi la mkuja, ndipo makalata atumizidwe ku adiresi ya imelo yomwe ili m'munsi. Chinthu choyamba n'chakuti musadine linki iliyonse yomwe ili m'chilengezocho ndipo musaimbe nambala yomwe yalembedwapo, pakuti ngati chilengezocho ndi chabodza, amene angakuyankheni ndi yemwe anachikonza, ndipo adzakutsimikizirani mwaulemu kuti zonse zili bwino. M'malo mwake lembani nokha adiresi ya bungwelo kuchokera pa mndandanda wanu uja, pitani pa gawo la ntchito, ndipo fufuzani dzina la udindowo kapena nambala ya chilengezo.

Pamenepa pali zinthu zitatu zomwe zingachitike. Mukhoza kupeza chilengezocho chili momwemo, ndipo mukatero funsirani ntchitoyo kudzera pa tsamba lomwelo, osati pa adiresi ya pa chithunzi chija. Mukhoza kupeza kuti chilengezocho chinalipodi koma chinatsekedwa miyezi ingapo yapitayo, ndipo wina wangosintha tsiku ndi adiresi ya imelo, yomwe ndi njira imene akathyali amaikonda chifukwa mawu onse amamveka ngati enieni. Mwinanso simungapeze kanthu, ndipo ngati bungwelo ndi lalikulu, kusapezekako n'kokwanira kuti muchisiye chilengezocho. Ngati ndi laling'ono lopanda tsamba losamalidwa bwino, imbani nambala ya ofesi yomwe mwaipeza kwina, monga m'lipoti la bungwelo kapena m'kaundula wa boma, ndipo mufunse a nthambi yolemba anthu ntchito ngati akudziwa za chilengezocho.

Adiresi ya imelo iwerengeni mofatsa kuyambira pa chizindikiro cha @ kupita kumanja, chifukwa zomwe zalembedwa kumanzere aliyense akhoza kuzisankha. Adiresi ya UNICEF imathera ndi unicef.org, ya UNDP imathera ndi undp.org, ndipo ya WHO imathera ndi who.int. Ngati dzina la bungwe lili kumanzere kwa @ koma kumanja kuli gmail.com kapena outlook.com, kalatayo sikupita ku bungwe lalikulu lomwe latchulidwa. Zovuta kuzizindikira ndi adiresi zomwe zawonjezeredwa mawu monga "careers" kapena "recruitment" pambali pa dzina la bungwe ndi kamzere pakati, kapena zomwe chilembo chimodzi chasinthidwa. Mathero a .org asakupusitseni, popeza munthu aliyense akhoza kugula dzina lothera choncho popanda kufunsidwa ngati ali ndi bungwe. Mukakayika, lembani dzina la adiresiyo pa lookup.icann.org ndipo muone tsiku lomwe inalembetsedwa. Bungwe lomwe lakhalapo kwa zaka makumi ambiri silingakhale ndi adiresi yomwe inalembetsedwa masabata atatu apitawo. Onaninso, mukadina poyankhira imelo, ngati adiresi yomwe yatuluka ndi yomwe inatumiza kalatayo, chifukwa nthawi zina kalata imaoneka ngati yachokera ku bungwe koma yankho limalunjikitsidwa kwina.

Bungwe laling'ono lenileni likhoza kugwiritsa ntchito Gmail, ndipo sindikuona chilungamo kuliweruza pa chifukwa chimenecho chokha. Pa bungwe lotere fufuzani ngati linalembetsedwa m'kaundula wa mabungwe omwe si a boma m'dziko lomwe likugwiramo ntchito, ngati lili ndi ofesi yomwe munthu angafikepo, ndiponso ngati pali bungwe lina lodziwika lomwe limalitchula ngati logwira nalo ntchito. Mabungwe ochokera kunja amapezekanso m'makaundula a kwawo. A ku England ndi Wales amapezeka m'kaundula wa Charity Commission pamodzi ndi malipoti awo a ndalama, ndipo ambiri a ku America amapereka ku boma chikalata cha za ndalama zawo chotchedwa Form 990 chomwe aliyense ali ndi ufulu wochiwerenga.

Ndalama iliyonse yomwe mwapemphedwa kulipira

Bungwe lenileni silipempha wofuna ntchito kuti alipire, kaya pa kulembetsa, pa mayeso, pa maphunziro, pa yunifolomu kapena posungitsa malo. Zilengezo za United Nations zimanena poyera kuti bungweli sililipiritsa pa gawo lililonse la kalembedwe ka ntchito ndiponso kuti silifuna kudziwa za akaunti ya ku banki ya ofunsira ntchito. Pangano nambala 181 la mu 1997 la ILO, nthambi ya United Nations yoona za ntchito, limanenanso kuti makampani opezera anthu ntchito asamalipiritse ofuna ntchitowo, ngakhale kuti limalola maboma kupatula magulu ena.

Akathyali sapempha ndalama pa tsiku loyamba. Amayamba akutumizirani mafunso oti muyankhe pa imelo kapena pa foni, kenako kalata yokuyamikirani kuti mwapambana, yokhala ndi malipiro ochititsa kaso, ndipo mtima wanu ukakhazikika pa ntchitoyo m'pamene amanena kuti mukufunika satifiketi ya maphunziro ena ake kapena kupimidwa m'thupi kwa dokotala wawo, ndipo ndalamazo muzitumize pa foni lero lomwe, adzakubwezerani mukayamba ntchito. Pano pafunika kusiyanitsa bwino, chifukwa mabungwe enieni nawonso amafuna kalata ya ku polisi yosonyeza kuti simunapalamulepo mlandu, ndipo ena amafuna kuti mupimidwe m'thupi. Kusiyana kwake n'kwakuti zimenezi zimadza mutachita kale mayeso a pamaso ndi pamaso kapena a pa vidiyo ndi anthu omwe mayina ndi maudindo awo mukuwadziwa, ndipo ngati pali cholipira, mumalipira nokha ku polisi kapena ku chipatala n'kulandira lisiti, osati kwa munthu amene akukulembani ntchito. Chimodzimodzinso chithunzi cha pasipoti kapena chiphaso cha unzika ndi nambala ya akaunti zimaperekedwa mutalandira kalata ya ntchito yomwe mwaitsimikizira, ndipo nambala yachinsinsi ya ku banki kapena ya pa foni palibe wolemba ntchito amene amaifuna.

Pali mtengo wina womwe si wa ndalama. Munthu aliyense wa m'bungwe amene akulonjezani ntchito posinthana ndi kugonana naye akuphwanya malamulo a bungwe lake, ndipo mabungwe akuluakulu ali ndi njira yachinsinsi yodandaulira yomwe imalembedwa pa tsamba lawo. Kuyambira mu 2019 mabungwe ambiri analowa mu ndondomeko ya Misconduct Disclosure Scheme, yomwe imawalola kufunsana ngati munthu amene akufuna kumulemba anapezekapo wolakwa pa nkhanza zokhudza kugonana kumene ankagwira kale. Chilengezo chikanena kuti mudzafufuzidwa motere musadabwe, pakuti chimenecho ndi chizindikiro cha bungwe losamala.

Ntchito yeniyeni, koma ya nthawi yaitali bwanji?

Tsopano tiyerekeze kuti pa tsamba lenileni la bungwe mwapeza ntchito ya ofisala woona za kalondolondo ndi kauniuni wa pulojekiti. Chilengezo chikutseka pa 15 Malichi, chikunena kuti kontirakiti ndi ya miyezi 12 ndipo ikhoza kuwonjezeredwa, ndipo chatchula dzina la pulojekiti ndi la opereka ndalama. Za chinyengo zatha, ndipo chatsala ndi kufufuza nthawi yomwe yatsala kuti pulojekitiyo ithe. Lembani dzina lake pa d-portal.org, tsamba lomwe limaonetsa zomwe maboma ndi mabungwe amafalitsa pansi pa ndondomeko ya IATI, yomwe inakhazikitsidwa ku Accra mu 2008 pofuna kuti ndalama za thandizo ziziyenda poyera. Si mapulojekiti onse omwe amapezeka pamenepo, koma omwe alipo amaonetsa tsiku loyambira, tsiku lothera ndi ndalama zomwe zinalonjezedwa. Mukalephera kuipeza, onani pa tsamba la opereka ndalamawo kapena m'lipoti la pachaka la bungwelo.

Tinene kuti mwapeza kuti pulojekitiyo ndi ya zaka zinayi ndipo ikutha pa 31 Disembala chaka chomwecho. Kusankha anthu, mayeso, kufunsa kwa mabwana anu akale ndi nthawi yomwe muyenera kupereka potsanzika kumene muli zikhoza kutenga miyezi iwiri ndi theka, choncho mungayambe ntchito pa 1 Juni. Kuchokera pa 1 Juni kufika pa 31 Disembala ndi miyezi 7, osati 12, ndipo ngati itatu yoyambirira ndi yokuyesani, mwatsala ndi inayi, yomwe yambiri idzathera polemba malipoti otsekera pulojekiti. Apa muyenera kudzifunsa chifukwa chomwe udindowu watsegukira m'chaka chomaliza, ndipo kawirikawiri yankho limakhala lakuti mwini wake waona kuti ntchito ikutha n'kupita kwina. Kwa munthu amene sali pa ntchito, miyezi 7 imeneyi ndi yopindulitsa, makamaka chifukwa kutseka pulojekiti kumaphunzitsa zambiri. Kwa amene ali pa ntchito yokhazikika, ndikuona kuti si bwino kusiya asanamve kuchokera kwa olemba ntchitowo ngati gawo lachiwiri la pulojekiti lasainidwa kale kapena likungoyembekezeredwa.

Mawu ena a m'chilengezo amaulula zimenezi mwachindunji. Mukaona mawu akuti "subject to funding" kapena "contingent upon award", dziwani kuti bungwelo silinalandire ndalamazo, ndipo likusonkhanitsa mayina a anthu oti liwaike m'pempho lake kwa opereka thandizo. Si chinyengo ayi, koma mabungwe angapo amapikisana pa thandizo limodzi ndipo lopambana limakhala limodzi, choncho mukhoza kupambana mayeso koma ntchito osayamba. Mawu akuti "roster" kapena "talent pool" amatanthauza kuti mukulowa mu mndandanda wa anthu omwe angadzaitanidwe mtsogolo, ndipo palibe lonjezo la tsiku. Ngakhale ndalama zosainidwa kale zikhoza kuima, monga zinachitikira mu Januwale 2025 pamene boma la America linaimitsa thandizo lake lambiri la kunja ndipo anthu ochuluka ogwira ntchito m'mapulojekiti a USAID anachotsedwa ntchito makontirakiti awo asanathe. Phunziro lake pa kasankhidwe ka ntchito n'lakuti muziona m'lipoti la ndalama la bungwe ngati limadalira wopereka thandizo mmodzi kapena angapo, chifukwa lodalira angapo limatha kusamutsira antchito ake ku pulojekiti ina.

Mtundu wa kontirakiti ndi msinkhu wa udindo

Dzina la udindo likhoza kukhala limodzi koma makontirakiti n'kukhala osiyana kwambiri. Wolembedwa ngati wantchito wa bungwe amalandira malipiro a pamwezi, masiku a tchuthi, ndipo kawirikawiri thandizo la kuchipatala ndi penshoni. Wolembedwa ngati katswiri wa kanthawi amalipidwa pa masiku omwe wagwira kapena pa zomwe wapereka, ndipo zina zonsezo amadzionera yekha. Ngati ntchito ya ukatswiri ndi ya masiku 40 m'miyezi inayi, ndipo theka la malipiro lidzaperekedwa lipoti lomaliza likavomerezedwa, ndiye kuti ndalama ya pa tsiku yomwe ikuoneka yaikulu iyenera kugawidwa pa miyezi inayi yonse, kuchotsapo msonkho, ndipo theka lake likhoza kuchedwa ngati ovomereza lipotiwo achedwa. Funsani kuti wovomereza ndi ndani ndipo ali ndi masiku angati ochitira zimenezo. Ntchito yongodzipereka kapena yophunzirira nayonso iyenera kunena poyera ngati pali alawansi kapena ayi.

Msinkhu wa udindo umakuthandizani kusataya nthawi ndiponso kuzindikira bodza. Ku United Nations maudindo a G ndi a ntchito zothandizira ndipo amalembedwa m'dziko momwe muli ofesi, a NO ndi a akatswiri omwe ndi nzika za dzikolo, ndipo a P ndi a akatswiri otumizidwa m'mayiko osiyanasiyana. Udindo wa P-3 umafuna zaka zosachepera zisanu za ntchito yogwirizana nawo, wa P-4 zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo wa P-5 zaka khumi. Chilengezo cholonjeza udindo wa P-4 kwa munthu amene wangomaliza kumene sukulu sichinachokere ku bungweli. Chilengezo chenicheni chimanenanso malo ogwirira ntchito, yemwe adzakhale bwana wanu, ntchito zenizeni zomwe muzidzagwira ndi maphunziro ofunika, pamene chija cha anthu 45 chimangondandalika maudindo ambiri ndi malipiro popanda kufotokoza ntchito ya aliyense.

Zoti mufunse musanasaine

Sungani chilengezo chonse pa foni kapena pa kompyuta tsiku lomwe mwafunsira ntchito, chifukwa chimachotsedwa pa tsamba chikatsekedwa, ndipo mudzachifuna pokonzekera mayeso komanso pofananiza ndi kontirakiti. Onaninso ola lotsekera, popeza zilengezo za pa Inspira zimatseka nthawi ya 11:59 usiku ya ku New York, ndipo mabungwe ena amatsata nthawi ya kumene kuli likulu lawo.

Kumapeto kwa mayeso mukapatsidwa mpata wofunsa, funsani mwaulemu kuti udindowu ukulipiridwa ndi pulojekiti iti, ngati mgwirizano ndi opereka ndalama unasainidwa, tsiku lomwe ukutha, ndiponso ngati udindowu ndi watsopano kapena mukulowa m'malo mwa wina. Olemba ntchito a chilungamo amayankha mafunso amenewa mosavuta chifukwa amawamva kawirikawiri, ndipo akayamba kuzungulira, mutenge tsiku lothera lomwe munapeza nokha ngati loona. Ngati n'kotheka, lankhulani ndi munthu amene anagwirapo ntchito m'bungwelo ndipo mumufunse chinthu chimodzi chosavuta kuyankha, ngati malipiro ankabwera pa nthawi yake mwezi uliwonse.

Kalata yokupatsani ntchito ikafika, imbani ofesi pa nambala ya pa mndandanda wanu uja kuti atsimikize kuti ndi iwo aitumiza. Kenako pemphani kontirakiti yonse ndipo muone kuti yatchula dzina lenileni la bungwe lomwe likukulembani, lomwe nthawi zina limakhala bungwe laling'ono logwira ntchito m'malo mwa lalikulu lija, tsiku loyambira ndi lothera, malipiro msonkho usanachotsedwe, nthawi yokuyesani, ndi masiku omwe adzakuchenjezereni ngati ndalama za pulojekiti zitaima. Kalata yotsanzika kumene mukugwira pano muipereke pokhapokha kontirakitiyo itasainidwa ndi mbali zonse ziwiri ndipo inu muli ndi kope lanu.